Malangizo ndi nthawi pamwamba pa pepala la mayeso: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikakhala pansi ngati dipatimenti kuwunika mapepala a kumapeto kwa teremu kapena a moko, makamaka kuchokera kwa aphunzitsi amene angoyamba kumene ntchito. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi basi mpaka kumapeto, pepala la Chichewa la Fomu 3, malikisi 100, maola awiri, lokonzedwa pasukulu pompo. Zambiri zigwiranso pa Masamu, Bayoloje kaya Jogalafe. Maganizo anga ndi akuti tsamba loyamba likalembedwa bwino, woyang'anira mayeso sayenera kufotokozanso kalikonse, iye zake ndi kungonena kuti yambani, kenako lekani kulemba.

Kodi pamwamba pa pepala payenera kukhala chani kwenikweni?

Zinthu zimene mwana akufunika kudziwa asanagwire cholembera. Dzina la sukulu, kalasi, teremu, phunziro ndi nambala ya pepala ngati alipo awiri kapena atatu, tsiku, nthawi yonse yolembera, ndi malikisi onse. Izi ndi za mutu. Pansi pake ndi pamene pamabwera malangizo, ndipo malangizowo ayankhe mafunso anayi amene mwana amakhala nawo mumtima akangolandira pepala: masamba alipo angati, ndiyankhe mafunso ati, ndilembe pati, nanga gawo lililonse ndikhalepo nthawi yaitali bwanji.

Tengani pepala lakale la MANEB, la JCE kapena MSCE, muyang'ane tsamba loyamba. Mupezapo tsiku, nthawi yolembera, chiwerengero cha masamba ndi pempho loti mwana awerenge aone ngati onse alipo, lamulo lolemba nambala ya mayeso pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo mapepala ambiri amakhalanso ndi katebulo koti mwana achongemo mafunso amene wayankha. Mapepala athu apasukulu ndi bwino azifananako ndi amenewa, kuti mwana pofika Fomu 4 asamaone tsamba loyamba ngati chinthu chachilendo.

Tationetsani chitsanzo, osamangofotokoza

Chabwino. Pepala lathu lija lili ndi magawo atatu. Gawo A ndi malamulo a chiyankhulo, mafunso 20 osankha yankho. Gawo B ndi kumvetsa nkhani ndi chifupikitso. Gawo C ndi chimangirizo. Pansi pa mutu ndingalembe chonchi:

Nthawi: maola 2 (8:00 mpaka 10:00 m'mawa). Malikisi onse: 100.

1. Pepala ili lili ndi masamba 8. Werengani muone ngati onse alipo. Ngati lina likusowa kapena silikuoneka bwino, imikani dzanja.
2. Lembani dzina ndi kalasi yanu pamwamba pa tsamba lililonse.
3. Gawo A (mafunso 1 mpaka 20, malikisi 20): yankhani mafunso ONSE pozunguliza lembo la yankho lolondola. Nthawi yoyenera: mphindi 15.
4. Gawo B (mafunso 21 ndi 22, malikisi 40): yankhani ONSE AWIRI m'mipata yomwe yaperekedwa. Nthawi yoyenera: mphindi 45.
5. Gawo C (mafunso 23, 24 ndi 25, malikisi 40): sankhani funso LIMODZI lokha, mulembe pa masamba 7 ndi 8. Mukayankha oposa limodzi, lidzachongedwa loyamba lokha. Nthawi yoyenera: mphindi 40.
6. Mphindi 10 zoyamba werengani pepala lonse, ndipo musunge mphindi 10 zomaliza zowunikira mayankho anu.

Basi, zisanu ndi chimodzi zokha. Taonani kuti mzere uliwonse wa gawo wanyamula zonse pamodzi, manambala a mafunso, malikisi, chochita, polemba ndi nthawi. Mwana sakufunika kudumphadumpha kuti malikisi akawaone kwina nthawi akaione kwina. Zilembo zazikulu ndaziika pa mawu atatu okha amene mwana akawaphonya ataya malikisi, chifukwa mukalemba tsamba lonse m'zilembo zazikulu ndiye kuti palibenso chimene chikuoneka kuposa chinzake.

Mphindi 15, 45 ndi 40 zimenezi mwazipeza bwanji? Kapena mwangoganiza?

Ayi, pali masamu ake ndipo si ovuta. Yambani ndi nthawi yonse muisandutse mphindi, maola awiri ndi mphindi 120. Chotsanipo nthawi imene mwana sakhala akuyankha funso. Koyamba amafunika kulemba dzina pa masamba 8, kuwerenga masambawo, kuwerenga malangizo, kuyang'ana mitu ya chimangirizo kuti mutu uyambe kuganiza, zimenezi ndazipatsa mphindi 10. Kumapeto amafunika kubwerera pa mafunso amene anadumpha ndi kukonza zolakwika, mphindi 10 zinanso. Zatsala 100. Malikisi nawonso ndi 100, ndiye poyambira pathu ndi mphindi imodzi pa malikisi amodzi, A 20, B 40, C 40.

Koma apa ndi pamene ambiri amalekera, pomwe ntchito yeniyeni ikuyamba pomwepa, chifukwa malikisi safanana kulemera kwake. Funso losankha yankho la mtundu wa mawu, loti kodi awa ndi mneni kapena muonjezi, mwana amene akudziwa amaliyankha mphindi isanathe, ndipo amene sakudziwa olo mum'patse mphindi zisanu sizimuthandiza. Nde Gawo A ndalichotsera mphindi 5, latsala ndi 15. Mphindi 5 zimenezo ndazipititsa ku Gawo B, chifukwa kumeneko mwana amayenera kuwerenga nkhani ya tsamba lathunthu kamodzi kapena kawiri asanalembe chilichonse, ndipo kuwerengako kulibe malikisi koma kumadya nthawi. Gawo C ndalisiya pa 40, mphindi zochepa zokonza ndime zake pakapepala, zotsalazo zolemba.

Mukatha phatikizani, 10 ndi 15 ndi 45 ndi 40 ndi 10, zikwane 120 ndendende. Musadumphe zimenezi chonde. Mapepala ambiri amene amabwera kuti tiwawunike, ukaphatikiza nthawi za magawo umapeza 130 kapena 140 pamene pamwamba palembedwa maola awiri, ndiye mwana womvera, uja amatsatira chilichonse chimene aphunzitsi alemba, ndi amene belu limamupeza ali pakati pa chimangirizo.

Ngati pepala lanu malikisi ake sagwirizana ndi mphindi bwino chonchi, gawani basi. Pepala la malikisi 60 la ola limodzi ndi theka ndi mphindi 90, chotsani 15 za koyamba ndi kumapeto zitsala 75, mukagawa ndi 60 mupeza mphindi imodzi ndi kota pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 20 ndi mphindi 25. Lembani manambala osavuta kuwaona pa wotchi, 25 kapena 30, osati 23.

Nanga ndidziwa bwanji kuti pepala lonse likukwana pa maola awiriwo?

Liyankheni. Osati kungoliwerenga ndi maso n'kumati izi ndi zophweka, ayi, khalani pansi ndi cholembera ndi wotchi, mulembe mayankho onse ndi dzanja monga mmene mukufunira kuti mwana alembe, chimangirizo chomwe. Bola kwambiri akhale mphunzitsi mnzanu amene sanalione pepalalo, chifukwa inu mafunso mukuwadziwa kale ndipo nkhani ya Gawo B mwaiwerenga kambirimbiri potaipa. Muyezo umene ine ndimayendera ndi wakuti mphunzitsi azimaliza pa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawiyo kapena kupitirira pang'ono, pepala la mphindi 120 iye alimalize pa 40 kapena 50. Si lamulo la boma, ndi muyezo wongothandiza. Koma ngati mphunzitsi wa phunzirolo watenga ola ndi theka, musavutike n'kukonza manambala a pamwamba, chotsani mafunso ena. Kulemba kuti "mphindi 30" pambali pa ntchito ya ola lathunthu sikuichepetsa ntchitoyo.

Pa chimangirizo pali njira ina yabwino kuposa kuyerekeza. Tsiku lina m'kalasi apatseni ana mutu alembe kwa mphindi 10, kenako muwerenge mawu a ana angapo, othamanga ndi ochedwa omwe. Mudziwa liwiro la kalasi yanu yeniyeniyo, ndipo mukamalemba kuti chimangirizo chikhale cha mawu 350 mudzakhala mukudziwa ngati mwana wapakatikati angawakwanitse pa mphindi 40.

Kodi nthawi ya gawo lililonse ndi lamulo? Mwana akapitirira mphindi 15 pa Gawo A timuletse?

Ayi. Lamulo ndi limodzi, maola awiri. Za magawozo ndi uphungu chabe, n'chifukwa chake ndalemba kuti "nthawi yoyenera" osati "lekani pakatha mphindi 15". Mwana ali ndi ufulu woyamba ndi chimangirizo ngati akufuna, ndipo ena amachita bwino akatero mutu usanatope. Woyang'anira mayeso asamayende m'mizere kuuza ana kuti siyani Gawo A pitani ku B. Zimasiyana pokhapokha ngati magawowo amatoleredwa padera, kapena pa mayeso a pulakitiko pamene ana amasinthana zida, apo ndiye nthawi ndi lamulo ndipo mulembe momveka kuti pepala la gawo lakutilakuti lidzatoleredwa nthawi yakuti.

Ena amati kuika nthawi ya magawo n'kuwalera ana, ku MSCE sakapeza zimenezo. Si zoona?

Mfundo yawo ndimaimva ndipo ili ndi mbali yake yoona, mwana wa Fomu 4 ayenera kudziwa kugawa yekha nthawi poyang'ana malikisi. Koma funso langa kwa iwo limakhala lakuti adziwira kuti ngati sitinamuonetsepo? Kugawa nthawi ndi luso, limaphunziridwa ngati luso lina lililonse. Mmene ndimaonera ine, Fomu 1 ndi Fomu 3 teremu yoyamba ikani nthawi ya gawo lililonse, ndipo pobweza mapepala muwaonetse pabolodi mmene munaipezera, masamu aja tachita pamwambawa. Teremu yotsatira asiyeni awerengere okha m'kalasi mayeso asanafike. Pofika moko wa Fomu 2 kapena wa Fomu 4, chotsani nthawi za magawo, musiye nthawi yonse ndi malikisi okha kuti pepala lifanane ndi limene akalipeze kutsogolo. Chimene sindigwirizana nacho n'kumuponya mwana wa Fomu 1 amene wangochoka ku Sitandade 8 pa pepala la maola awiri la magawo atatu popanda chomutsogolera, kenako n'kumati ana a masiku ano samaliza mayeso.

Mawu oti "yankhani mafunso awiri" akuvuta pati? Si omveka kale?

Apa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira, ndipo nthawi zambiri wolakwa si mwana. Taonani chiganizo ichi chimene chimapezeka m'mapepala ambiri: "Yankhani mafunso awiri m'Gawo B ndi Gawo C." Tanthauzo lake ndi chani? Mwana wina amva kuti awiri ku B, awiri ku C, onse pamodzi anayi. Wina amva kuti limodzi ku B limodzi ku C. Wachitatu amva kuti awiri aliwonse, olo onse achokere ku B. Ndipo atatu onsewa awerenga bwino Chichewa, palibe amene mungamunene kuti sanamve. Inu amene munalemba mukudziwa chimene mumatanthauza ndiye chiganizocho mukachiwerenga chimaoneka chabwinobwino, vuto limaoneka tsiku lochonga, mulu wa mapepala uli patebulo, ena ayankha awiri ena anayi, ndiye mumayamba kukangana mu sitafu rumu kuti awa tiwatani.

Mankhwala ake ndi osavuta. Gawo lililonse likhale ndi mzere wakewake, mutchule manambala a mafunso amene ali m'gawolo, ndi angati amene mwana ayankhe mwa amenewo. "Gawo C lili ndi mafunso 23, 24 ndi 25, sankhani limodzi." Ngati pali funso lokakamiza litchuleni ndi nambala yake, "yankhani funso 1 ndi ena awiri aliwonse, onse pamodzi atatu." Kamchira kakuti "onse pamodzi atatu" kamaoneka ngati kubwereza koma kamatseka mpata wonse wa kusamvana. Pewaninso mawu ngati "osachepera awiri" ngati mukufuna awiri okha, chifukwa atatu nawonso sachepera awiri, mwana akayankha atatu wakumverani.

Chinanso, langizo la gawo libwerezedwe mkati mwa pepala pamutu pa gawolo, ndipo likhale mawu omwewo ndendende. Mwana akafika tsamba 6 patatha ola, za tsamba loyamba waiwala. Koma samalani, pamwamba pasanene kuti limodzi pamene mkati mukunena kuti awiri. Zikatsutsana chonchi mwana sangalakwe, njira iliyonse imene watenga inu munamuuza.

Mwana akayankha mafunso oposa amene tanena, tichonge ati?

Gwirizanani mayeso asanalembedwe, ndipo chimene mwagwirizanacho chilembedwe pamwamba pa pepala ndi pa mlozo wochongera pomwe. Njira zilipo ziwiri, kuchonga loyamba lokha, kapena kuchonga onse n'kutenga limene wakhoza kwambiri. Ine ndimakonda yoyamba. Yachiwiri imaoneka yachifundo koma imaphunzitsa ana kuti kulemba zimangirizo ziwiri zatheka-theka n'kuchenjera, pomwe zoona zake mwanayo wagawa mphindi 40 pawiri ndipo zonse ziwiri zatuluka zosapsa. Komanso ndi ntchito yowirikiza kwa wochonga amene ali kale ndi mapepala a makalasi awiri kapena atatu. Koma kaya musankha iti, choipa kwambiri n'chakuti mphunzitsi wa 3A atenge loyamba, wa 3B atenge labwino, ana alemba pepala limodzi koma achongedwa mosiyana. Muwauzenso ana kuti akasintha maganizo adule ndi mzere yankho limene sakulifuna, lodulidwa siliwerengedwa.

Za kuwerenga masamba n'zofunikadi? Zikuoneka ngati zongotengera ku MANEB

N'zofunika kwambiri kwa ife kuposa kwa iwo. Mapepala athu amapangidwa fotokope mothamanga, pena kutauni pena pa makina a sukulu inki ikutha, amasanjidwa ndi manja usiku, sitepula ikudumpha. Tsamba limatha kusowa, kubwera kawiri, kapena kuseri kwake kutuluka koyera. Mwana amene sanauzidwe kuti masamba ndi 8 sangadziwe kuti lake lili ndi 7, amangoona kuti funso 21 latha kenako Gawo C, amamaliza msanga n'kukhala phee akusangalala kuti mayeso anali afupi, malikisi 15 a chifupikitso apita.

Kuti langizoli ligwire ntchito tsamba lililonse likhale ndi nambala yake, bola "tsamba 3 mwa 8". Werengani masamba pa kope limene latuluka mu makina osati pa kompyuta, chifukwa fayilo ikasamuka pa laputopu yanu kupita pa kompyuta ya kofotokopa mizere imasuntha, masamba 8 amasanduka 9, ndipo langizo lija lakuti lembani pa masamba 7 ndi 8 limakhala likuloza polakwika. Kusunga fayilo ngati PDF musanaipereke kumathetsa vuto limeneli. Pansi pa tsamba lakumaso lembani kuti tembenuzani, ndipo pothera pa funso lomaliza lembani kuti mafunso athera pano.

Ndingotenga tsamba loyamba la chaka chatha n'kusintha deti, pali vuto?

Kutenga maonekedwe ake palibe vuto, n'zabwinonso kuti mapepala a dipatimenti azifanana. Vuto ndi manambala amene amatsalira. Chaka chatha Gawo A linali ndi mafunso 25 chaka chino 20, koma pamwamba pakadali 25, ana ayamba kuimika manja kuti mafunso asanu akusowa. Nde tsamba loyamba lizilembedwa pomaliza, mafunso onse atakhazikika, ndipo wina amene sanataipe nawo atenge pensulo afananize nambala iliyonse ya pamwamba ndi zimene zili mkati, masamba, mafunso, malikisi a gawo lililonse aphatikizidwe akwane 100, mphindi zikwane 120, nthawi igwirizane ndi imene ili pa ndandanda wa mayeso umene wapachikidwa. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Ndilembe "maola 2" kapena "8:00 mpaka 10:00"?

Zonse ziwiri, koma dziwani kuti chenicheni ndi maola awiriwo. Pasukulu mayeso sayamba nthawi yake masiku onse, asembule yatalika, mapepala achedwa kusanjidwa, mvula yachedwetsa ana oyendera. Mukayamba 8:20 ndiye kuti mumaliza 10:20, ndipo woyang'anira alembe pabolodi ndi choko, zilembo zazikulu, kuyamba 8:20 kumaliza 10:20, afufute china chilichonse chimene chili pabolodipo. Musadule mphindi 20 za ana chifukwa choti pepala likunena 10:00 kapena chifukwa choti phala lapsa.

Ndipo uphungu wa nthawi uja ulibe ntchito ngati mwana sakuona wotchi. Ana ambiri alibe wotchi yapamkono, foni siloledwa, makalasi ambiri alibe wotchi yapakhoma. Ndiye mwamuuza kuti Gawo A mphindi 15, adziwa bwanji kuti zakwana? Ngati sukulu ili ndi wotchi olo imodzi ipachikidwe kutsogolo. Ngati palibe, woyang'anira azilemba nthawi pabolodi mwakachetechete mphindi 15 kapena 30 zilizonse, ndipo anene ndi pakamwa kawiri kokha, kwatsala mphindi 30, kwatsala mphindi 10. Kulengeza pafupipafupi kumasokoneza, mwana amene ali pakati pa chiganizo amabalalika.

Mphindi 10 zowerenga zija zili mkati mwa maola awiri kapena ndi zapadera? Mwana angayambe kulemba?

Pa chitsanzo chathu zili mkati, ndipo mwana akafuna kuyamba kulemba pa mphindi yachitatu palibe womuletsa. Ngati mukufuna nthawi yowerenga yapadera imene zolembera zimakhala pansi, nenani zonse, kuti ndi mphindi zingati, kuti sizili m'gulu la maola awiri, ndiponso kuti saloledwa kulemba. Mukangolemba kuti "mphindi 10 zowerenga" osafotokoza, chipinda china apereka 120 china 130.

Mapepala a Chingerezi, kodi woyang'anira angawamasulire ana malangizo m'Chichewa?

Ku sekondale pafupifupi mapepala onse ndi a Chingerezi, ndipo n'zoona kuti ana ena, makamaka a Fomu 1, amakakamira pa malangizo penipenipo asanafike n'komwe pa funso. Koma kumasulira m'chipinda cha mayeso kuli ndi vuto lake, woyang'anira wina amasulira bwino, wina molakwika, wina akana, wina pomasulira apitirira mpaka kufotokoza funso. Ana a kalasi imodzi alemba mayeso osiyana. Bola kuchita ziwiri izi. Choyamba malangizo alembedwe m'Chingerezi chophweka, ziganizo zazifupi, chiganizo chimodzi chochita chimodzi, chifukwa tsamba loyamba si malo oyesera ana ngati akudziwa mawu ovuta. Chachiwiri, sabata yoti mayeso ayandikira lembani tsamba loyambalo pabolodi m'kalasi, popanda mafunso, mukambirane nawo m'chiyankhulo chilichonse chimene amva. Palibe chinsinsi pa malangizo. Kuuza mwana kuti kudzakhala magawo atatu ndipo Gawo C adzasankha limodzi si kuulula mayeso.

Za zida ngati kakyuleta, rula ndi pensulo zilembedwe pamwamba?

Eya, pa maphunziro amene zikufunika, ndipo munene mbali zonse, chololedwa ndi choletsedwa. Pa Masamu nenani ngati kakyuleta ikuloledwa komanso ngati mwana ayenera kuonetsa njira yonse imene wapezera yankho, chifukwa malikisi ambiri amakhala pa njirayo. Pa Bayoloje nenani kuti zojambula zikhale za pensulo. Koma kumbukirani kuti mwana akuwerenga zimenezi atakhala kale pa desiki, kunyumba n'kutali, ndiye mndandanda wa zida uyenera kulengezedwa masiku angapo mayeso asanafike, pa pepala n'pongokumbutsa. Pepala lathu la Chichewa silikufuna chida chilichonse n'chifukwa chake sindinaikepo mzere umenewu. Musadzaze tsamba ndi malamulo a sukulu, za yunifolomu, za kubera, za kupita kuchimbudzi, zimenezo ahedi anene pa asembule. Malangizo akafika 14 ana sawerenga olo limodzi.

Sukulu yathu ilibe ndalama zopulintira, mayeso timalemba pabolodi. Zonsezi zikutikhudza?

Zikukukhudzani kwambiri, chifukwa pabolodi mwana saona pepala lonse nthawi imodzi. Dulani kachigawo ka bolodi kumanzere ndi mzere wa choko, mulembepo phunziro, nthawi yoyamba ndi yomaliza, magawo onse ndi malikisi ake ndi mphindi zake, ndipo kachigawo kameneko kasafufutidwe mpaka mayeso athe. Ngati Gawo A lidzafufutidwa kuti Gawo B lilembedwe, apa nthawi yasanduka lamulo, ndiye lembani kuti Gawo A lifufutidwa 8:30, ana adziwiretu, ndipo muwachenjeze kutatsala mphindi 5. Nthawi imene mphunzitsi akulemba gawo latsopano pabolodi ana akudikira isawerengedwe ngati yawo. Pitaninso kumbuyo kwenikweni kwa kalasi mukaime pamene pakhala mwana womaliza muone ngati manambala akuwerengeka, 3 ndi 8 wa choko amafanana ukakhala patali makamaka dzuwa likamawala pabolodi.

Nanga ana amene ali ndi vuto la kuona kapena amene amapatsidwa nthawi yoonjezera?

Tsamba lawo loyamba likhale lawolawo. Mukakulitsa zilembo masamba amachuluka, 8 aja atha kukhala 13, ndiye chiwerengero cha masamba ndi malo olembapo chimangirizo zisinthidwe pa kope lawolo. Ngati sukulu yagwirizana kuti mwana apatsidwe mphindi 30 zoonjezera, lembani pa pepala lake nthawi yake yonse, maola awiri ndi theka, ndipo mphindi za magawo muziwerengerenso, osangomusiyira 15, 45 ndi 40 za anzake. Woyang'anira auzidwe mayeso asanayambe, kuti asadzamulande pepala pamodzi ndi ena. Kwa mwana amene amagwiritsa ntchito zilembo za anthu osaona, mawu ngati "zungulizani lembo" kapena "lembani m'mipata" sagwira, kambiranani ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera kuti langizo lake linene chimene iye achitedi.

Tapeza cholakwika pa malangizo mayeso ayamba kale, titani?

Wokonza akhale mmodzi, mwini pepala kapena mkulu wa dipatimenti, osati woyang'anira aliyense kuganiza zake. Alembe chokonzacho pakapepala, mawu omwewo apite m'zipinda zonse, ana aimitsidwe kaye kulemba, chiwerengedwe mokweza ndi kulembedwa pabolodi, ndipo mphindi zimene zatayika zibwezedwe kumapeto. Ngati cholakwikacho chadziwika mochedwa, ana ena atayankha kale motsatira langizo lolakwikalo, musawalange. Mwana amene wayankha mafunso awiri chifukwa pamwamba panalembedwa awiri achongedwe mwanjira yoti asataye kanthu, ndipo dipatimenti igwirizane njirayo kuchonga kusanayambe.

Mayeso atha, ndingadziwe bwanji ngati malangizo ndi nthawi zinali bwino?

Mapepala a ana amakuuzani okha ngati mukuwayang'ana ndi diso limenelo. Pochonga ikani kapepala pambali muzilemba zinthu ziwiri, ana angati aphwanya langizo, ndi ana angati sanafike kumapeto. Mwana mmodzi kapena awiri akayankha zimangirizo ziwiri, amenewo sanawerenge, alangizeni. Koma akakhala khumi m'kalasi imodzi ndipo ena mwa iwo ndi ana anzeru amene mumawadziwa, bwererani ku chiganizo chanu, muli china chake mmenemo.

Pa nthawi, siyanitsani mwana amene sanadziwe ndi mwana amene nthawi inamuthera, chifukwa mapepala awo saoneka mofanana. Amene sanadziwe amasiya mipata apa ndi apo pepala lonse, kapena amalemba zolakwika koma mpaka kumapeto. Amene nthawi inamuthera masamba oyamba amakhala odzadza ndi olondola, zilembo zokongola, kenako cha ku tsamba 7 zilembo zimayamba kukula ndi kupendama, ndime zimafupika, chimangirizo chimathera pakati pa chiganizo opanda ndime yomaliza. Mukaona zotere pa ana ambiri, yang'anani kumene nthawi inapita. Ngati Gawo B alemba zambiri kuposa mipata imene munapereka, mpaka m'mphepete mwa tsamba, ndiye kuti anakhalitsa pamenepo, mwina mipata inali yaikulu kuposa malikisi ake, mizere isanu ndi umodzi pa funso la malikisi 2 imamuuza mwana kuti alembe zambiri. Ngati Gawo B alemba zoyenera koma sanamalizebe, ndiye kuti nkhani yowerenga inali yaitali kapena pepala lonse linakula, teremu yamawa fupikitsani nkhaniyo kapena chotsani mafunso asanu ku Gawo A. Funsaninso amene anayang'anira kuti ana oyamba anamaliza nthawi yanji ndipo ndi angati amene anali akulembabe pamene ankati lekani, komanso mafunso amene ana anaimikira manja. Alembeni mafunso amenewo kuseri kwa kope lanu la pepalalo musanaliike mu fayilo ya dipatimenti, kuti amene adzakonze pepala la Fomu 3 chaka chamawa adzayambire pamenepo.